Musanaike Pini: Zoyenera Kuona Polipira ndi Khodi ya QR m'Masitolo a ku Lundazi

Nyengo yogulitsa mbeu ikafika, pa boma pa Lundazi pamadzaza anthu. Alimi ocokera kwa Mwase, kwa Kapichila, kwa Mphamba, ngakhale anzathu a ku Lumezi ndi ku Chasefu, amabwera ndi ndalama za nshawa, soya, thonje ndi cimanga kudzagula fataleza, malata ndi zovala za ana a sukulu. Kale ndalama zimenezi zinali kubwera zomangidwa pa mfundo ya citenje kapena zobisidwa mu sokosi. Masiku ano zambiri zimabwera m'foni, mu Airtel Money, mu MTN MoMo, m'cikwama ca a Zamtel kapena mu akaunti ya kubanki.

Ambiri a ife tinazolowera kale kuchaya *115# ndi kulemba namba ya munthu kapena ya sitolo. Tsopano pali njira ina imene ikufalikira kucokera m'mizinda ikuluikulu. Pa kauntala kapena pa citseko ca sitolo pamakhala kacithunzi ka mbali zinai kodzaza ndi timadontho takuda ndi toyera, ndipo wogulitsa amangoti, "Sikanani apa." Kacithunzi kameneka ndi khodi ya QR. Njirayi ndi yacangu, ndipo imacotsa vuto lolakwitsa namba polemba. Koma ili ndi cilema cimodzi cimene tifuna kuti awerengi athu acidziwe bwino: palibe munthu amene angawerenge khodi ya QR ndi maso. Khodi ya sitolo ndi khodi ya mbala zimaoneka cimodzimodzi.

Khodi simatenga ndalama

Tiyambe ndi kucotsa mantha osayenera. Ena amaganiza kuti kungolozetsa kamera pa khodi, ndalama zimacoka m'foni nthawi yomweyo. Si mmene zimakhalira. Khodi ya QR ndi mau cabe olembedwa mwa njira imene makina amawerenga msanga. Inapangidwa mu 1994 ku Japan ndi kampani ya Denso Wave, ndipo nchito yake yoyamba inali yozindikiritsa zitsulo za galimoto m'fakitale. Timabokosi titatu timene timakhala m'makona ake timathandiza kamera kudziwa kumene khodi yayambira, ngakhale foni itapendekeka. Inapangidwanso mwakuti ikafufutika kapena kung'ambika pang'ono imawerengekabe. Mtundu wolimba kwambiri umawerengeka ngakhale pafupifupi magawo 30 pa 100 aliwonse ataonongeka.

M'khodi yolipirira mumakhala zinthu zocepa: namba ya akaunti kapena ya tilu imene ndalama ziyenera kupitako, dzina la sitolo, mtundu wa ndalama, ndipo nthawi zina mtengo wake. Foni ikaisikana, imangodzaza zinthu zimenezi m'malo mwakuti inu muzilembe ndi zala. Ndalama zimacoka pokhapo mwaika pini ndi kuvomereza. Motero khodi ili ngati cikwangwani ca pa mphambano colozera njira. Ngati wina wacitembenuza usiku, mudzayenda ndi miyendo yanu yomwe kupita kolakwika.

Ici ndico cifukwa cake tikuti citetezo conse cili pa kanthawi kocepa ka pakati pa kusikana ndi kuika pini. Musanaike pini, mungabwerere m'mbuyo osataya ngwee. Mukaika pini, ndalama zapita, ndipo kuzibweza ndi nkhani ina yovuta.

Mitundu iwiri ya khodi

Pali khodi yomata ndi khodi ya pa makina. Yomata ndi ija yosindikizidwa pa pepala, pa sitika kapena pa kathabwa ka pulasitiki, ndipo simasintha. Aliyense wogula amasikana khodi imodzimodziyo ndi kulemba yekha mtengo. Iyi ndiyo yochipa, ndipo ndiyo imene mwini kantemba kapena wogulitsa pa msika angakwanitse, pakuti sifuna magetsi. Koma ndiyonso yosavuta kuiba, cifukwa imakhala poyera usana ndi usiku.

Khodi ya pa makina imatuluka pa galasi la makina olipirira kapena pa foni ya wogulitsa, ndipo imapangidwira malipiro amodzi okha, mtengo uli kale m'kati. Pa iyi palibe pomata sitika. Cofunika kuona ndi mtengo cabe, ngati ndi umene munagwirizana. Ngati sitolo ili ndi mitundu yonse iwiri ndipo mukulipira ndalama zambiri, pemphani ya pa makina.

Zimene zinacitika kwina

Kuba kwa mtundu umenewu si nthano. Mu Januwale 2025, m'tauni ya Khajuraho ku India, akuba anayenda usiku ndi kumata makhodi ao pamwamba pa makhodi amene eni masitolo anasiya kunja. Kutaca, anthu anagula ndi kulipira monga mwa masiku onse, koma ndalama sizinali kufika kwa eni katundu. Pa sitolo ina ya mankhwala, cinyengoci cinaululika cifukwa wogula anaona kuti dzina limene latuluka pa foni yake si la sitoloyo, ndipo anafunsa asanalipire.

Mu Januwale 2022, mu mzinda wa Austin ku America, anapeza masitika a QR pa makina olipirira malo oimika galimoto. Wosikana anali kupita pa tsamba la pa intaneti labodza limene linali kupempha namba za khadi la kubanki. Akuluakulu a mzindawo analengeza kuti iwo sanaikepo khodi iliyonse pa makinawo.

Nkhani ziwirizi zikuonetsa misampha iwiri yosiyana. Woyamba umapatutsa malipiro anu kupita kwa munthu wina. Waciwiri umakutulutsani m'cikwama canu ndi kukupititsani pa tsamba lokuberani pini. Zonse ziwiri sizifuna nzeru zakuya. Kupanga khodi ya QR ndi kwaulere, ndipo aliyense wokhala ndi foni ndi ndalama yosindikizira pepala limodzi angathe.

Citsanzo ca matumba anai a fataleza

Tiyerekeze kuti mai wina wa kwa Mwase wagulitsa soya ndipo ali ndi K4,500 m'foni. Walowa m'sitolo ya zaulimi pa boma kuti agule matumba anai a fataleza. Tinene kuti thumba limodzi ndi K950, ndiye kuti onse pamodzi ndi K3,800. Mnyamata wa m'sitolo walemba lisiti ndi kuloza kathabwa kamene kali kumapeto kwa kauntala, pafupi ndi khomo.

Coyamba cimene maiyu ayenera kucita sicifuna foni. Ayendetse cala pamwamba pa khodi ndi m'mphepete mwake. Khodi yeniyeni imasindikizidwa pamodzi ndi cizindikiro ca kampani, dzina la sitolo ndi namba ya tilu, zonse pa pepala limodzi losalala. Ngati cala cakhumudwa pa mphepete, ngati pepala la khodi ndi loyera kuposa lonse, ngati ngodya yake yatukuka kapena yaphimba zilembo zina, ndiye kuti pali cimene camatidwa pamwamba. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere: kawirikawiri sitika yonyenga ndiyo imaoneka yatsopano koposa.

Caciwiri, atsegule pulogilamu ya cikwama cake kapena ya banki yake ndi kusikana ali m'kati mwake, osati ndi kamera wamba. Cifukwa cake n'cakuti pulogilamu ya cikwama imayembekezera khodi yolipirira. Ikapatsidwa khodi yopita ku tsamba lacilendo, kawirikawiri imaikana. Kamera wamba ilibe tsankho, imatsegula ciliconse cimene yapatsidwa.

Cacitatu ndico cacikulu pa zonse. Akasikana, pa galasi pamatuluka dzina la wolandira. Maiyu asalione ndi maso okha. Aliwerenge mokweza ndi kufunsa kuti, "A sitolo, dzina latuluka apa ndi lanu kodi?" Asafunse mwamanyazi, pakuti ndalama ndi zake. Nthawi zina dzina lolembetsedwa limasiyana ndi la pa cikwangwani ca panja, mwina cifukwa mwini sitolo analembetsa m'dzina lake kapena la kampani ina yake. Ici cokha si umboni wa kuba, koma ndi cifukwa cokwanira cakuti mwini sitolo atsimikize ndi pakamwa pake. Ayerekezenso namba ya tilu imene yatuluka pa foni ndi imene yasindikizidwa pansi pa khodi. Mbala yofulumira imamata khodi yokha ndi kusiya namba yakale, ndipo namba ziwirizo zimasiyana.

Tisadalire dzina lokha kotheratu. Wakuba wocenjera angalembetse dzina lofanana ndi la sitolo, kusintha cilembo cimodzi cabe. N'cifukwa cake pa ndalama zambiri pali muyeso wacinai umene sunama: kulipira pang'ono coyamba. Maiyu atumize K5 ndi kudikira. Ngati uthenga wafika pa foni ya sitolo ndipo wogulitsa wachula dzina la maiyo ndi ndalamayo, njira ndi yoona, ndipo atumize K3,795 yotsala. Ngati sunafike, wataya K5 m'malo mwa K3,800.

Cacisanu ndi mtengo. Pa khodi yomata, wolemba mtengo ndi wogula, ndipo ziro imodzi ingasokoneze zinthu. Wolemba 380 m'malo mwa 3800 adzakangana ndi wogulitsa, pamene wogula mankhwala a K380 akalemba 3800 adzayamba kupempha kuti am'bwezere. Awerenge manamba kawiri, ndipo pokhapo aike pini, ataphimba foni ndi dzanja. Zonsezi sizitenga mphindi ziwiri.

Tsopano tione mmene zikanathera akanapanda kufunsa. Maiyu waika pini, uthenga wabwera wakuti K3,800 yatumizidwa, ndipo m'foni mwatsala K700 kapena kucepera. Wogulitsa akuti kwa iye sikunafike kanthu, ndipo sangatulutse matumba. Onse awiri akunena zoona. Mai ali ndi umboni wakuti analipira, koma analipira munthu wina. Wogulitsa sanalandire, koma khodi inali pa kauntala yake ndipo ndiye anailoza. Mlandu wotere umadanitsa anthu amene akhala akugulitsana kwa zaka zambiri, pamene mbala ili kutali. Panthawiyi mvula sidikira, ndipo munda umakhala wopanda fataleza.

Khodi ikatsegula tsamba la pa intaneti

Si khodi iliyonse imene ndi yolipirira. Zina zimakhala pa zikwangwani za nchito, za ngongole, za mphoto kapena za thandizo la alimi, ndipo zina zimabwera pa WhatsApp. Izi zimatsegula tsamba. Mafoni ambiri amayamba aonetsa adiresi ya tsambalo musanaikhudze, ndipo pamenepo ndi pamene muyenera kuima.

Adiresi imawerengedwa kucokera kumapeto. Mwini tsamba amadziwika ndi mau omalizira, kamzere kopendekeka koyamba kasanafike. Onani ziwiri izi, zimene tapeka kuti zikhale citsanzo:

```
dzinalabanki.co.zm/lipira
dzinalabanki.co.zm.mphoto.xyz/lipira
```

Yoyamba ndi ya mwini dzina. Yaciwiri, ngakhale yayamba ndi mau omwewo, mwini wake ndi `mphoto.xyz`, ndipo dzina la banki aliika kutsogolo ngati nyambo. Kaloko kamene kamaoneka pambali pa adiresi sikatanthauza kuti mwini tsamba ndi wokhulupirika, pakuti masamba a mbala nawonso amakhala nako.

Lamulo losavuta ndi ili. Pini ya cikwama imalembedwa m'malo awiri okha: m'pulogilamu ya cikwamaco, kapena pa *115#. Tsamba lililonse lopempha pini, namba ya NRC pamodzi ndi pini, kapena manamba a cinsinsi amene angobwera pa uthenga, litsekeni. Cimodzimodzi ngati khodi ikufuna kuti muike pulogilamu yatsopano m'foni, makamaka fayelo yothera ndi `.apk`. Pulogilamu yotere ingathe kuwerenga mauthenga anu onse, kuphatikizapo a kubanki.

Palinso bodza lakuti, "Sikanani khodi iyi ndi kuika pini kuti mulandire ndalama zanu." Limakonda kugwira alimi ndi amalonda amene akudikira malipiro kwa wogula wakutali. Polandira ndalama simuika pini. Pini ndi yotulutsira. Bodza limeneli ndi mbale wake wa uthenga uja timaudziwa tonse wakuti ndalama ija muitumize pa namba iyi, langovala malaya atsopano.

Kodi tifunika pulogilamu yapadera yosikanira?

Anyamata ambiri okonza mafoni amakonda kudzaza foni yatsopano ndi mapulogilamu, ndipo pakati pake pamakhala yosikanira makhodi. Polipira, simuifuna. Pulogilamu ya cikwama ili ndi posikanira pake, ndipo kamera ya mafoni ambiri a masiku ano imawerenga khodi yokha. Mapulogilamu aulere osikanira amapeza phindu pa zotsatsa malonda, ndipo ena amapempha cilolezo coona mauthenga ndi manamba a anzanu, zimene sizikhudzana ndi kusikana. Kuciyambi kwa 2021 kunadziwika kuti pulogilamu ina yochedwa Barcode Scanner, imene inali m'mafoni oposa 10 miliyoni, inasinthidwa ndi kuyamba kutsegula yokha masamba a zotsatsa, mpaka a Google anaicotsa pa Play Store. Anthu anaikhulupirira kwa zaka, ndipo inasintha khalidwe usiku umodzi.

Pulogilamu ya cikwama muitenge pa Play Store kapena pa App Store, mutaona kuti dzina la woipanga ndi la kampani yanu. Musalandire yotumiziridwa kucokera m'foni ya mnzanu. Ndipo munthu akakuthandizani kuiika, pini muike nokha iye atayang'ana kumbali.

Amene ali ndi mafoni a mabatani asadandaule. Foni yopanda kamera yabwino singasikane, koma namba ya tilu imene ili pansi pa khodi imagwira nchito yomweyo kupyolera pa *115#. Nayonso imaonetsa dzina musanaike pini, ndipo funso lija la "dzina ili ndi lanu kodi" ndi lomwelo.

Mau kwa eni masitolo

Khodi ikasinthidwa, dzina limene limaipa ndi la sitolo. Motero mlonda woyamba wa khodi ndi mwini wake. Musaimate panja pa citseko kapena pa windo pamene imagona yokha usiku. Ikhale m'kati, pamalo pamene maso a wogulitsa amafika, ndipo potseka muilowetse m'dilowa pamodzi ndi buku la malonda. M'mawa uliwonse, musanagulitse kanthu, isikaneni ndi foni yanu ndi kuona dzina limene latuluka. Lembani ndi zilembo zikuluzikulu pamwamba pake dzina limene wogula ayenera kuona pa foni yake, kuti ngakhale wamanyazi adziwe coyerekezera.

Nanunso muli ndi msampha wanu. Wogula wosakhulupirika angakuonetseni cithunzi ca malipiro akale, kapena uthenga umene walemba yekha ndi kuutumiza kucokera pa namba wamba. Uthenga weniweni umabwera m'dzina la kampani, m'mzere womwewo wa mauthenga ena a malipiro, ndipo uli ndi namba yakeyake. Koma umboni wosatsutsika ndi ndalama zotsala m'cikwama canu. Munali ndi K1,200, wogula walipira K3,800, payenera kuoneka K5,000, kapena kucepera pang'ono ngati kampani imadulapo yake. Musatulutse katundu cifukwa ca zimene zili pa foni ya wogula. Yang'anani pa yanu.

Netiweki ikavuta

Kuno kwathu netiweki imagwa, makamaka m'midzi yakutali ndi boma ndi nthawi imene magetsi azima. Zimacitika kuti munthu waika pini, foni yazungulira kwa nthawi ndipo palibe uthenga umene wabwera. Apa ambiri amasikananso ndi kulipira kawiri. Musafulumire. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Yambani mwaona ndalama zotsala kapena mndandanda wa malipiro omalizira. Ngati ndalama zacoka, malipiro anadutsa ndipo uthenga ndiwo wacedwa. Ngati sizinacoke, pokhapo yesaninso.

Zikalakwika

Mukazindikira kuti ndalama zapita kolakwika, musacoke m'sitolo ndipo musataye nthawi ndi kukangana. Imbani 111, namba ya osamalira makasitomala a kampani ya foni yanu, kapena namba ya banki yanu ngati munalipira kucokera kubanki. Konzekerani kuchula namba ya malipiro imene ili pa uthenga, nthawi, ndalama ndi dzina la wolandira. Cangu n'cofunika cifukwa kampani ingathe kugwira ndalama zikali m'cikwama ca wolandira, koma zikatulutsidwa kwa ejenti kapena kutumizidwa kwina, ciyembekezo cimacepa.

Jambulani khodiyo isanamatulidwe, ndipo mwini sitolo asunge sitikayo ngati umboni. Pitani nonse awiri ku polisi, cifukwa nonse ndinu oberedwa. Namba ya wonyenga muipereke kwa a ZICTA pa *707#. Ngati munalemba pini pa tsamba lokayikitsa, isintheni nthawi yomweyo ngakhale ndalama zisanacoke. Ndipo ngati kampani yalephera kukuthandizani, dandaulo lingapite ku Bank of Zambia, amene ndiwo amayang'anira makampani otumiza ndalama m'dziko lino.

Cenjeraninso ndi foni imene ingabwere pambuyo pake, ya munthu wonena kuti ndi wa kukampani ndipo akufuna pini kuti akubwezereni ndalama. Wa kukampani weniweni sapempha pini.

Makolo athu polandira cenji anali kuiwerenga pamaso pa wogulitsa, ndipo palibe amene anali kukhumudwa nazo. Kuwerenga dzina mokweza musanaike pini ndi mwambo womwewo. Wogula asacite manyazi kufunsa, ndipo wogulitsa asakwiye pofunsidwa, pakuti funso limenelo likuteteza ndalama za onse awiri.